Kusiyana kwa manambala awiri si chilolezo chogulitsira maopushoni

Pakati pa anthu ochita malonda a maopushoni pali lamulo lina limene lafala chifukwa chakuti ndi losavuta kuloweza, ndipo limati munthu ayerekeze manambala awiri, ndiwo kugwedezeka kwa mtengo kumene msika ukuyembekezera ndi kugwedezeka kumene kwachitika kale, kenako agulitse maopushoni ngati nambala yoyambayo ili yaikulu, kapena agule ngati ili yaing'ono. Lamuloli limaphunzitsidwa ngati nzeru yokhwima, koma mmene ambiri amaligwiritsira ntchito limasocheretsa, pakuti limayerekeza mtengo wa mwezi wamawa ndi mbiri ya mwezi watha, ndiponso limaiwala kuti wogulitsa opushoni amayenera kulipidwa chifukwa cha chiopsezo chimene wasenza. Palibe wamalonda wozama amene angagwire ntchito osayang'ana manambala awiriwa, komabe amene wachotsera ina pa inzake wangoyamba kufunsa funso, ngakhale iye mwini amayesa kuti wapeza yankho.

Opushoni ndi mgwirizano umene umapatsa wogula ufulu wogula kapena kugulitsa masheya pa mtengo wopanganirana, tsiku lina lisanadutse, popanda kumukakamiza kutero ngati zinthu sizinamuyendere. Ufulu wogula amautcha kolo, ufulu wogulitsa amautcha puti, ndipo ndalama imene wogula amalipira kuti akhale ndi ufuluwo ndi pulimiyamu, imene imapita m'thumba mwa wogulitsa opushoniyo. Wogula sangataye zoposa pulimiyamu, pamene wogulitsa sangapindule zoposa pulimiyamu koma angathe kutaya ndalama zoiposa kangapo. Popeza ufulu wotere umakhala waphindu pokhapokha mtengo wa sheya ukasuntha, opushoni ya sheya imene mtengo wake umalumphalumpha imadula kuposa ya sheya yodekha, ndipo n'chifukwa chake malonda onsewa amazungulira pa muyeso wa kulumphalumphako, umene amalonda amautcha volatiliti.

Kugwedezeka kochitika kumawerengedwa kuchokera ku mitengo imene yalembedwa kale. Munthu amatenga kusintha kwa mtengo kwa tsiku lililonse m'maperesenti, nachulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe, napeza avereji ya zotsatirazo, kenako natenga sikweya ruti yake, imene imasonyeza kukula kwa kusuntha kwa tsiku limodzi. Kuti nambalayo ikhale ya pachaka, amaichulukitsa ndi sikweya ruti ya masiku 252 amene msika umatsegulidwa pa chaka, ndiyo pafupifupi 16. Motero sheya yosuntha ndi 1 peresenti pa tsiku ili ndi kugwedezeka kwa 16 peresenti pa chaka, ndipo yosuntha ndi 2 peresenti ili ndi 32. Gawo la kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe ndi limene owerenga ayenera kuligwiritsitsa, chifukwa limachititsa kuti tsiku limodzi losuntha ndi 8 peresenti lilemere mofanana ndi masiku 64 osuntha ndi 1 peresenti.

Kugwedezeka koyembekezeredwa sikuwerengedwa kuchokera ku mbiri, koma kumatulutsidwa mumtengo wa opushoni yeniyeniyo. Njira yowerengera mtengo wa opushoni imene Fischer Black ndi Myron Scholes anafalitsa mu 1973, nayikuza Robert Merton m'chaka chomwecho, imafuna zinthu zisanu: mtengo wa sheya lero, mtengo wopanganirana, nthawi yotsala, chiwongoladzanja ndi kugwedezeka kwa masiku otsalawo. Zinayi zoyambazo aliyense amaziona, koma chachisanucho palibe akuchidziwa, kotero amalonda anatembenuza masamuwo, natenga mtengo umene opushoni ikugulidwa pamsika n'kufunsa kuti ndi kugwedezeka kotani kumene kungabereke mtengo umenewo. Yankho lake ndilo kugwedezeka koyembekezeredwa, ndipo kwenikweni nambalayi ndi mtengo womwewo utanenedwa m'maperesenti m'malo mwa madola. Nambala yotchuka kwambiri ya mtundu umenewu ndi VIX, imene msika wa maopushoni wa ku Chicago unayambitsa mu 1993, ndipo kuyambira 2003 imawerengedwa kuchokera ku maopushoni a S&P 500, mlozo wa makampani akuluakulu 500 a ku Amereka, poyang'ana masiku 30 akutsogolo.

Otsatira lamuloli ali ndi mfundo imodzi yoona, ndipo ndi bwino kuivomereza isanatsutsidwe. Pa zaka zonse zimene VIX yakhala ikuwerengedwa, avereji yake yakhala pafupifupi 19 kapena 20, pamene kugwedezeka kumene kunachitikadi pa S&P 500 kwakhala kotsikirapo ndi mapointi atatu kapena anayi, ndipo m'miyezi yambiri wogulitsa maopushoni a mlozowu ankatsala ndi kanthu m'manja. Cholakwika chili pa tanthauzo limene amalipereka ku kusiyanaku. Iwo amati msika ukulakwitsa mtengo, pamene zoona zake n'zakuti msika ukulipira inshuwalansi. Mabungwe a penshoni ndi ena osunga masheya ochuluka amagula maputi kuti adziteteze msika ukagwa, ndipo amalolera kulipira mopitirirako chifukwa opushoni imabweza ndalama pa nthawi imene chuma chawo china chonse chikusungunuka. Kampani ya inshuwalansi imene yatolera mapulimiyamu a nyumba chikwi m'chaka chimene nyumba ziwiri zokha zinapsa siinganene kuti makasitomala ake ndi opusa, pakuti ndalama yotsalayo ndi imene idzalipire chaka chimene moto udzapsereze msika wonse. Kusiyana kwa mapointi atatu kapena anayi ndiwo mkhalidwe wa masiku onse, ndipo chinthu chimene chimaoneka pafupifupi mwezi uliwonse sichingakhale chizindikiro chakuti mwezi uno ndi wapadera.

Mlandu waukulu wa lamuloli umaoneka bwino m'chitsanzo chowerengedwa mpaka kumapeto. Sheya ina ikugulidwa pa madola 100, ndipo kwa mwezi wathunthu yakhala ikusuntha ndi 1 peresenti pa tsiku, kutanthauza kugwedezeka kochitika kwa 16. Maopushoni ake otha pakatha mwezi umodzi, ndiwo masiku 21 a malonda, akusonyeza kugwedezeka koyembekezeredwa kwa 24. Wamalonda wofuna kubetcha pa kugwedezeka kokha, osasamala kuti mtengo ukwera kapena utsika, amagulitsa kolo ndi puti limodzi pa mtengo wopanganirana wa madola 100, ndipo awiriwa pamodzi amatchedwa sitirado. Mtengo wa sitirado yotere umayerekezedwa mwachidule ndi `0.8 × S × σ × √T`, pamene `S` ndi mtengo wa sheya, `σ` ndi kugwedezeka kwa pachaka ndipo `T` ndi nthawi yotsala m'zaka. Pa kugwedezeka kwa 24 sitiradoyo ndi madola 5.54 pa sheya imodzi, pamene pa 16 ikanakhala madola 3.70, ndipo popeza ku Amereka mgwirizano umodzi umaimira masheya 100, wogulitsayo amalandira madola 554 pa chinthu chimene iye akuti n'choyenera madola 370. Lamulo likuti agulitse, ndipo madola 184 akuoneka ngati agona pansi kudikira womatola.

Koma m'mwezi ukubwerawo kampaniyo ilengeza zotsatira za malonda ake a miyezi itatu, ndipo m'mwezi wathawo munalibe tsiku lotere. Masamu omwe aja, akawerengedwa chobwerera m'mbuyo, amaulula chimene msika ukunena. Kugwedezeka kwa 24 pa chaka ndi 1.5 peresenti pa tsiku, imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 2.25, ndipo pa masiku 21 zonse pamodzi ndi 47.25. Ngati masiku 20 wamba apitiriza kusuntha ndi 1 peresenti, iwo atenga 20 pa chiwerengerocho, n'kusiyira tsiku lolengeza zotsatira 27.25, imene sikweya ruti yake ndi 5.2. Msika tsono sukunena kuti sheyayi yayamba kulusa tsiku ndi tsiku, koma ukunena kuti pali tsiku limodzi limene mtengo ungalumphe ndi maperesenti oposa asanu pang'ono, ndipo mapointi asanu ndi atatu onse amene wogulitsayo anawaona ngati mphatso ndi mtengo wa tsiku limenelo.

Funso loyenera lasintha tsopano, ndipo lamulo la manambala awiri silikanalipeza. Wamalondayo ayenera kufufuza mmene sheya imeneyi yakhala ikusunthira pa masiku olengeza zotsatira m'zaka zingapo zapitazo, komanso ngati pali chifukwa choganizira kuti ulendo uno usiyana ndi maulendo enawo. Ngati kulumpha kwake kumakhala 3 peresenti, ndiye kuti mwezi wonse upereka 20 kuphatikiza 9, ndiwo 29, imene ikagawidwa pa masiku 21 n'kutembenuzidwa kukhala ya pachaka imafika pafupifupi 19, ndipo kugulitsa pa 24 kuli ndi maziko. Ngati kulumpha kwake kumakhala 8 peresenti, mwezi upereka 20 kuphatikiza 64, ndiwo 84, imene avereji yake ndi 4 pa tsiku, sikweya ruti yake ndi 2 peresenti, ndipo pa chaka ndi 32. Pamenepo sitirado yoyenera madola 7.39 yagulitsidwa pa madola 5.54, ndipo munthu amene amayesa kuti akutola madola 184 ndiye wapatsa mnzake madola 185. Manambala awiri oyambirira aja, 24 ndi 16, ndi omwewo m'nkhani zonse ziwiri, koma m'nkhani imodzi akuyenera kugulitsa ndipo m'nkhani inayo akuyenera kugula.

Chimene chimapusitsa ogulitsa ambiri n'chakuti malonda olakwikawo amakoma tsiku ndi tsiku kufikira tsiku limene awawa. Opushoni imataya mtengo pang'onopang'ono pamene tsiku lake lothera likuyandikira, ndipo m'chitsanzo chino kutayako ndi pafupifupi masenti 13 pa tsiku kumayambiriro, amene ndi phindu la wogulitsa. Mbali inayi, mtengo wa sheya ukasuntha wogulitsa amataya, ndipo kutayako kumakula molingana ndi kusunthako kutachulukitsidwa ndi iko komwe, kotero kuti tsiku la 1 peresenti limamudyera pafupifupi masenti 6, n'kumusiyira masenti 7. Tsiku la 1.5 peresenti sapindula ndipo sataya. Tsiku la 8 peresenti limamudyera madola oposa atatu, amene ndi phindu la masiku odekha oposa 40. Munthu wotere akaonetsa buku lake pakati pa mwezi, masiku ake onse ndi opambana, ndipo iye amatenga kupambanako ngati umboni wakuti njira yake ndi yabwino, pamene chimene bukulo likuchitira umboni n'chakuti tsiku lolipira silinafike. Chiwerengero cha masiku kapena miyezi yopambana, chimene otsatsa njirayi amakonda kuchionetsa m'zilembo zikuluzikulu, sichinena kanthu pa malonda amene amapindula pang'onopang'ono n'kutaya kamodzin'kamodzi.

Palinso chinthu china chimene lamuloli limabisa, ndipo chimakhudza makamaka anthu ochita malondawa ndi ndalama zawo kunyumba. Kuyerekeza kugwedezeka koyembekezeredwa ndi kochitika kumalosera phindu la munthu yekhayo amene tsiku lililonse amagula kapena kugulitsa masheya enieniwo kuti afafanize kutsamira kwa opushoni yake ku mbali imodzi, kutsamira kumene kumayezedwa ndi nambala yotchedwa delita. Amene wangogula sitirado n'kuisunga mpaka tsiku lothera sabetcha pa kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku, koma pa mtunda umene mtengo udzakhale utafika pa tsiku lomalizalo, ndipo m'chitsanzo chino amapindula pokhapokha sheya ikathera pamwamba pa madola 105.54 kapena pansi pa madola 94.46. Sheya ingathe kukwera ndi 2 peresenti lero n'kutsika ndi 2 peresenti mawa kwa mwezi wonse, kugwedezeka kochitika n'kufika 32, koma n'kuthera pafupi ndi madola 100, ndipo wogula amene analosera molondola kuti 24 ndi yochepa amataya pafupifupi pulimiyamu yake yonse. Sheya yomweyo ingathenso kukwera mwakachetechete ndi theka la peresenti tsiku lililonse, kugwedezeka kochitika n'kukhala 8 yokha, koma n'kuthera pa madola 111, ndipo wogulitsa amene analosera molondola kuti 24 ndi yochuluka amalipira madola 11 pa chinthu chimene analandirapo madola 5.54. Kufafaniza delita tsiku ndi tsiku kumachepetsa vutoli, koma kuli ndi mtengo wake m'makomishoni, ndipo sikuteteza ku kulumpha kochitika usiku msika uli wotseka, nthawi imene makampani ambiri a ku Amereka amalengeza zotsatira zawo.

Mbiri ya S&P 500 ikusonyeza kuti lamuloli limasocheretsa kwambiri pa nthawi imene likuoneka lomveka kwambiri. Chaka cha 2017 chinali chimodzi mwa zaka zodekha kwambiri m'mbiri ya mlozowu, pakuti kugwedezeka kochitika kunali pafupifupi 7, avereji ya VIX inali pafupifupi 11, ndipo pa 3 Novembala VIX inatseka pa 9.14, nambala yotsikitsitsa imene inalembedwapo potseka msika. Mwezi ndi mwezi kuyerekezako kunkati gulitsani, ndipo ogulitsa ankapindula, kotero kuti chikalata cha banki ya Credit Suisse chotchedwa XIV, chimene chinkabetcha kuti VIX ikhalabe pansi pogulitsa mapangano amtsogolo a VIX, chinakwera mtengo kuposa kawiri m'chaka chimenecho. Pa 5 Febuluwale 2018 S&P 500 inatsika ndi 4.1 peresenti, kugwa kumene si kwachilendo m'mbiri ya misika, koma VIX inalumpha kuchoka pa 17.31 kufika pa 37.32 tsiku limodzi, XIV inataya zoposa 90 peresenti ya mtengo wake, ndipo bankiyo inatseka chikalatacho mwezi womwewo. Kudekha kwa miyezi yapitayo kunali koona, koma kunakopa ndalama zochuluka ku mbali imodzi, ndipo onsewo atafuna kutuluka nthawi imodzi, kugula kwawo kunakankhira VIX m'mwamba koposa.

Mbali yogula ya lamuloli imalephera m'njira yotembenuka, ndipo imeneyi siitchulidwa kawirikawiri. M'mwezi wa Marichi 2020, pamene mliri wa Kovidi unagwedeza misika, S&P 500 inagwa ndi pafupifupi 12 peresenti pa 16 Marichi pokha, VIX n'kutseka pa 82.69, ndipo kugwedezeka kochitika kwa mwezi wonsewo kunali pafupifupi 90. Pofika pa 31 Marichi VIX inali itatsika kufika pa 53 ndi kanthu, kotero kuti munthu woyerekeza manambala awiri akanaona maopushoni otchipa ndi mapointi oposa 30, kusiyana kumene mwina sakanadzakuonanso m'moyo wake. Koma kugwedezeka kumene kunachitikadi m'mwezi wa Epulo kunali pafupifupi 41, kutanthauza kuti amene anagula pa 53 analipira mopitirira. Msika sunali m'tulo, koma unkadziwa chimene akatswiri a chuma akhala akuchiyeza kuyambira pamene Robert Engle anafalitsa njira yake mu 1982, nayikuza Tim Bollerslev mu 1986, chakuti masiku olusa amatsatana ndipo odekha amatsatananso, koma kulusa ndi kudekha komwe sikukhalitsa, pakuti kugwedezeka kumabwerera ku mlingo wake wa nthawi yaitali. Nambala ya mwezi watha siidziwa za kubwereraku, ndipo n'chifukwa chake imauza munthu kugulitsa pamene msika wadekha mopitirira ndi kugula pamene mkuntho wayamba kale kutha.

Pali misika imene kugwedezeka kochitika kumanama kotheratu, ndiyo imene mtengo ukugwiridwa ndi dzanja la boma. Kuyambira Seputembala 2011 banki yaikulu ya dziko la Switzerland inaletsa yuro kutsika pansi pa mafuranki 1.20, ndipo kwa miyezi yambiri mtengowo sunkasuntha n'komwe, kotero kuti opushoni iliyonse inkaoneka yodula poyerekeza ndi mbiri. Pa 15 Januwale 2015 bankiyo inachotsa malirewo popanda chenjezo, furanki n'kulumpha ndi pafupifupi 30 peresenti m'mphindi zochepa isanabwerereko pang'ono. Owerenga a ku Malawi safunika kuphunzitsidwa za mtundu umenewu wa bata, pakuti anaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Pamene mtengo wakhala chete chifukwa wina akuugwira, kugwedezeka koyembekezeredwa kumene kukuoneka kokwera ndiko kukunena zoona, ndipo mbiri ndiyo ikunama.

Ena adzayankha kuti zonsezi ndi nkhani za anthu osadziwa, ndipo kuti wodziwa kulosera bwino kugwedezeka kwa mtsogolo sangagwe m'mbuna zotere. Yankho lake ndi kampani ya Long-Term Capital Management, imene pakati pa eni ake panali Scholes ndi Merton, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1997 chifukwa cha masamu omwewa. Kampaniyo inagulitsa maopushoni a zaka zingapo pa milozo ya masheya, poona kuti kugwedezeka koyembekezeredwa kunali pamwamba pa mbiri ya nthawi yaitali. Dziko la Russia litalephera kubweza ngongole zake mu Ogasiti 1998, mtengo wa maopushoniwo unakwera, kampaniyo inataya madola oposa biliyoni imodzi pa mbali imeneyi yokha, ndipo mu Seputembala mabanki ndi makampani a zachuma 14 anaikamo madola 3.6 biliyoni atasonkhanitsidwa ndi Federal Reserve Bank of New York. Chimene chinawagwetsa si kulosera kolakwika kokha, koma chakuti wogulitsa opushoni amawerengeredwa phindu ndi kutaya tsiku lililonse pa mtengo wa tsikulo, ndipo amafunsidwa chikole chowonjezera mtengowo ukakwera. M'chitsanzo cha sheya ya madola 100 chija, kugwedezeka koyembekezeredwa kukakwera kuchoka pa 24 kufika pa 40, sitirado imadula madola 9.24, ndipo wogulitsa wataya madola 370 pa mgwirizano umodzi sheya isanasunthe ndi senti imodzi. Akhoza kukhala wolondola za mwezi wonse, koma ngati chikole chamuthera pa tsiku lachisanu, bulokala amamutsekera malondawo pa mtengo woipitsitsa, ndipo kulondola kwake kudzapindulira wina.

Kuyerekeza koyenera kumayamba ndi kulosera, ndipo kumeneku n'kovutirapo kuposa kuchotsera. Wamalonda amayang'ana kugwedezeka kwa masiku 10, kwa mwezi, kwa miyezi itatu ndi kwa chaka, napatsa masiku aposachedwa kulemera kokulirapo, koma nakokera nambala yake ku mlingo wa nthawi yaitali, makamaka ngati opushoni ili ndi miyezi yambiri yotsala. Kenako amatsegula kalendala ndi kuwerengera padera tsiku lililonse lodziwika, kaya ndi la zotsatira za kampani, la chisankho, la chigamulo cha khothi kapena la msonkhano wa banki yaikulu wokhudza chiwongoladzanja, monga mmene chitsanzo chija chinapatulira tsiku limodzi pa masiku 21. Nambala imene yatuluka ndiyo yoyenera kuikidwa pambali pa kugwedezeka koyembekezeredwa, ndipo ngakhale pamenepo kusiyanako kuyenera kuyezedwa ndi kusiyana kwa masiku onse kwa sheya kapena mlozo umenewo, pakuti mapointi atatu pa S&P 500 ndi malipiro wamba a inshuwalansi, ndipo amene wawalandira wavomera kudzalipira pa tsiku la moto. Walira mvula walira matope.

Pa kusiyana kotsalako payenera kuchotsedwanso zinthu ziwiri zimene zimadya phindu mosaonekera. Choyamba ndi mpata wa pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira, pakuti sitirado imene msika ukugula pa madola 5.40 n'kumagulitsa pa madola 5.70 ili ndi mpata wa masenti 30, umene m'chitsanzo chino ndi woposa pointi imodzi ya kugwedezeka, ndipo wolowa n'kutuluka amaulipira wonse. Chachiwiri n'chakuti sheya kapena mlozo ulibe nambala imodzi ya kugwedezeka koyembekezeredwa. Chichitikireni kugwa kwa pa 19 Okutobala 1987, pamene S&P 500 inataya zoposa 20 peresenti tsiku limodzi, maputi a mitengo yapansi akhala akusonyeza kugwedezeka koyembekezeredwa kokwera kuposa kwa maopushoni a pafupi ndi mtengo wa lero, ndipo popeza VIX imawerengera maputi amenewa, kawirikawiri imakhala pamwamba pa kugwedezeka kwa sitirado ya pakatikati. Munthu amene wayerekeza VIX ndi mbiri, kenako n'kukagulitsa sitirado, wawerengera phindu limene gawo lina silidzafika m'manja mwake, ndipo akafuna kulilandira lonse ayenera kugulitsa maputi apansiwo, amene ndi omwe amapweteka kwambiri msika ukagwa.

Zikachotsedwa zonsezi, kawirikawiri pamatsala zochepa, ndipo masiku ambiri yankho loona la kuyerekezaku n'lakuti opushoni ili pa mtengo wake ndipo palibe chochita. Yankho limeneli silisangalatsa mabulokala, amene amadya pa komishoni ya malonda alionse, kapena ogulitsa maphunziro, amene sangatolere ndalama pophunzitsa anthu kukhala pansi. Kugula kumakhala ndi maziko pamene munthu angatchule chochitika chimene msika wachipeputsa, ndipo kugulitsa kumakhala ndi maziko pamene angafotokoze chifukwa chimene ogula akulipirira mopitirira malipiro wamba, atawerengeratu zimene angataye mtengo ukalumpha kakhumi kuposa tsiku wamba, ndiponso atagula maopushoni akutali oika malire pa kutayako ngakhale amadya gawo la pulimiyamu. Amene sangathe kunena kuti 24 ija yachokera pa tsiku liti, ndi kuti chikole chake chingapirire 40, asagulitse opushoniyo.